Chulu Choyenda

Mwawi Thindwa anazindikira kuti ntchito yake ya zaka zinayi yafa ali chiimire pamaso pa ophunzira, choko chili m'manja, akuseka nthabwala yake yomwe. Paja tsoka silinunkha.

Linali Lolemba m'mawa, kamvula kowaza ka ku Mzuzu kakugwa mopanda changu monga kamachitira. Mwawi anali mphunzitsi wothandizira mu dipatimenti ya masamu pa yunivesite, ndipo kontirakiti yake inali ndi mfundo imodzi imene sinkamugoneka tulo: apeze digiri yachiwiri chaka chimenecho chisanathe, apo ayi ntchito yatha. Buku la kafukufuku wake anali atapereka kale. Lachinayi la sabata yomweyo amayembekezeka kukaima pamaso pa oyesa, kukaliteteza ndi pakamwa.

Phunziro la tsikulo linali lakale, loti akanaliphunzitsa ali m'tulo. Tiyerekeze kuti uli ndi mafankishoni ondondozana, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, osatha. Iliyonse ili ndi girafu yake, ndipo intigiro yake ndi kukula kwa dera la pansi pa girafuyo. Tsono mafankishoniwo akamayandikira fankishoni ina pa poyinti iliyonse, kodi madera awo nawonso amayandikira dera la fankishoni inayo? Munthu aliyense wabwinobwino amayankha kuti inde, ndipo pachifukwa chimenechi ophunzira a chaka chachitatu amalephera mwaunyinji chaka ndi chaka.

Mwawi anajambula mzere wautali pa bolodi, kumapeto kwake n'kuikako muvi wosonyeza kuti mzerewo sutha. Pakati pa wani ndi thuu anaimikapo kabokosi kotalika mulingo umodzi, kotambalala mulingo umodzi. Kwina konse girafu inagona pa ziro. Fankishoni yachiwiri inali kabokosi komweko koma katasunthira pakati pa thuu ndi firii, yachitatu n'kusunthanso, choncho basi. Mu dipatimentiyo kabokosi kameneka ankakatcha chulu choyenda, dzina limene anakapatsa Dokotala Fyson Kondowe kalekale, Mwawi yemweyo akadali pa benchi.

"Imani pa faifi," anatero Mwawi. "Chulu chikubwera, chakukwirirani, chadutsa. Chibweranso?"

"Yayi!" kalasi inayankha.

"Imani pa miliyoni. Mudikira chomene, koma chifika, chidutsa, ndipo kuyambira pamenepo mudzingoona ziro. Ndiye limiti, kumene zikulowerako, ndi ziro paliponse, ndipo intigiro ya ziro ndi ziro. Koma chulu chilichonse dera lake ndi wani. Wani, wani, wani, limiti yake wani. Ziro ndi wani si pachibale."

Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja. "Koma madamu, zonsezi zili bounded. Palibe yopitirira wani. Si munati zikakhala pansi pa denga limodzi tikhoza kusinthanitsa limiti ndi intigiro?"

Limeneli ndi funso limene Mwawi ankalikonda. Anafotokoza kuti denga palokha silikwanira. Pamafunika fankishoni imodzi yophimba onsewo, inde, koma dera la pansi pake likhale lotha kuyezeka, lokhala ndi malire. Pa kamzere kokhala ndi poyambira ndi pothera, denga lathyathyathya limakwana bwino. Pa mzere wopanda mathero denga lomwelo limatambalala mpaka muyaya, dera lake silitha, ndipo lamulo limakukana.

"Zili ngati munthu wotaya zinyalala mu Lunyangwa," anawonjezera. "Waima pa mlatho, waona zapita, akuti mtsinje wayera. Akawafunse a kumunsi."

Kalasi inaseka, iyenso anaseka. Kenaka kuseka kuja kunatha mwadzidzidzi. Anayang'ana muvi uja kumapeto kwa mzere, nakumbukira buku lake. Anauza ophunzira kuti amalize okha mafunso otsalawo, natuluka ataiwala ambulera pa tebulo.

Buku lake linali la mtsinje. Linkakamba za mankhwala oipa akatayikira m'madzi, mmene amayendera ndi madziwo, mmene amamwazikira, ndi mmene bango ndi matope a m'mphepete amawayamwira pang'onopang'ono. Zoti mankhwala onse amatha ngati kuyamwako kuli ndi mphamvu yosatsika mtsinje wonse, zimenezo zinali m'mabuku kale. Chatsopano chimene Mwawi anabweretsa, mtima wa buku lonse, chinali mu mutu wachinayi: kuti ngakhale kuyamwako kutamacheperachepera kumunsi mulimonse, bola kusafike pa ziro, mankhwala onse a mumtsinje adzathabe.

Mu ofesi, imene ankagawana ndi anzake atatu ndi ketulo yakufa, anatsegula mutu wachinayiwo. Umboni unayamba bwino. Pa poyinti iliyonse ya mtsinje mankhwala amatsika mpaka ziro. Zimenezo zinali zoona. Palibe pamene amakwera kupitirira mmene anayambira. Zimenezonso zinali zoona. Kenaka panabwera kachiganizo kamodzi, kakafupi, kodzidalira: popeza mafankishoni onse ali pansi pa nambala imodzi, tilowetsa limiti m'kati mwa intigiro. Pamwamba pa chizindikiro cha intigiro panakhala eyiti wogona uja, chizindikiro cha kusatha.

Ankakumbuka bwino mmene eyiti wogonayo anafikira pamenepo. Poyamba mtsinje wake unali ndi pothera, pamalo amene anawatcha L, ndipo kachiganizo kaja kanali kolondola. Tsiku lina masana, chaka chachiwiri, a Kondowe amene ankamuyang'anira pa kafukufukuyo anaima pa bolodi ya mu ofesi mwawo, napukusa mutu.

"Ichi n'chachibwana, mwana wane," anatero tsiku limenelo. "Aliyense adzati mankhwala angotulukira kumapeto uko. Tseka khomo limenelo. Mtsinje ukhale wopanda mathero, asowe kothawira."

Anafufuta L ndi chala chachikulu, nalemba eyiti wogona. Mwawi anafunsa ngati umboni usintha, iwo n'kuyankha kuti ayi, it is standard. Iye anapita kukasintha chilembocho pa kompyuta m'malo onse, mosangalala, poona kuti buku lake lakula popanda thukuta. Chinthu chimene ankaphunzitsa ana a eni chaka chilichonse anachidutsa m'buku lake lomwe kosawerengeka osachiona, chifukwa anali atamva mkulu akunena kuti palibe vuto.

Masana onsewo anagogoda pa makomo amene ankawadziwa. Pali lamulo la mafankishoni ongokwera, osatsikako. Koma mankhwala pa poyinti iliyonse amakwera n'kutsika, khomo limenelo linali lokhoma. Pali lamulo la denga. Anayesa kumanga denga lotsetsereka, lotsika kumunsi kuti dera lake likhale ndi malire, koma mankhwala oyenda ndi madzi ankalibowola kulikonse kumene afika. Pali lamulo lachitatu, la mafankishoni osatsika pansi pa ziro, limene limangolonjeza kuti intigiro ya limiti singapose kumene maintigirowo akulowera. Linamuuza kuti ziro saposa wani. Zikomo kwambiri, zimenezo ngakhale ogulitsa tomato pa Chiputula amazidziwa.

Pomaliza anachita chimene ankachiopa. Anatenga mtsinje umene kuyamwa kwake kumachepa msanga kumunsi, naponyamo chulu cha mankhwala, n'kuwerengetsera. Bango la kumtunda linadyako gawo lake. Chotsalacho chinadutsa, chinafika kumene kuyamwa kuli kongoyerekeza, n'kumapita, n'kumapita, osatha. Sikuti umboni wokha ndiwo unali wopunduka. Chimene buku lake linkanena chinali bodza.

Lachiwiri masana anakwera njinga ya kabaza kupita ku Mzilawaingwe, kwa a Kondowe.

Kuti mumvetse kulemera kwa ulendo umenewu, muyenera kudziwa kuti a Kondowe anali ndani kwa Mwawi. Ndi iwo anakamutenga ku sekondale kumene ankaphunzitsa, n'kumumenyera nkhondo kuti alembedwe ku yunivesite. Bambo ake atamwalira, ndi iwo anaima kumanda kulankhula m'malo mwa abwenzi a banja. Pa ukwati wake ndi Davie anakhala pa mpando wa amalume, poti amalume enieni anali ku Joni. Ku tchalitchi cha ku Chiputula, kumene mayi ake a Mwawi, a Fyness, ankavala yunifolomu ya amayi a Umanyano, a Kondowe anali mkulu wa mpingo. Tsopano zaka zopumira ntchito zinali zitawakwanira, matenda a shuga atawadya maso, ndipo ankadikira kuti akuluakulu a yunivesite awawonjezere zaka ziwiri. Chaka chathachi wophunzira wina anali atadandaula kale kuti sawerenga zimene amapatsidwa. Aliyense mu dipatimenti ankadziwa kuti dandaulo lachiwiri likhala lomaliza.

Anawapeza pakhonde atavala jekete ndi chipewa chaubweya, wailesi ili pambali.

"Mwatandala uli, adada?"

"Tatandala makola, mwana wane, kwali iwe? Wabwera kudzatenga madalitso a Lachinayi?"

Mwawi anakhala pa kampando kotsika. Mwana wolereka bwino sauza mkulu kuti mwalakwitsa. Amanena kuti iyeyo ndiye sakumvetsa. Choncho anatulutsa pepala ndi cholembera chakuda kwambiri kuti maso awo aone, nati pali pena mu mutu wachinayi pamene mutu wake waima, amuthandize. Anajambula mzere, muvi, ndi kabokosi.

A Kondowe anayandikitsa pepalalo kumphuno. Anamwetulira poona chulu chawo, monga munthu amamwetulira akakumana ndi mwana wake pamsewu. Kumwetulirako kunakhalapo kanthawi, kenaka kunachoka. Anali okalamba, koma masamu anali akadalimo.

"Koma mankhwala ako amamwazika," anatero. "Chulucho chimaphwa. Chimatsika paliponse nthawi imodzi. Uniform convergence."

"Enya, adada, inenso ndinaganiza choncho. Koma chikamaphwa chimatambalala." Anajambula china pansi pake, chachifupi koma chotambalala. "Msinkhu ukatsika kakhumi, m'lifupi mukula kakhumi. Dera likadali wani. Pa mzere wopanda mathero ngakhale uniform siipulumutsa."

"Bwezera L."

"Ndikabwezera L, ndiye kuti mankhwala angotulukira kumapeto. Munanena nokha."

Mawu awiri omalizawo anamupulumuka, ndipo anawamva akugwa pakhondepo ngati mbale yadothi. A Kondowe anazimitsa wailesi. Akazi awo, mayi a pakhomo, anabwera ndi tiyi ndi chinangwa chophika, napereka moni, nafunsa za mwana, nabwerera m'nyumba. Nthawi yonseyo mkuluyo anangoyang'ana mitengo ya paini kutsidya.

"Pali njira yapakati," anatero Mwawi motsitsa mawu. "Kupeza kuti kuyamwa kuchepe mofulumira bwanji kuti mankhwala apulumuke, ndi pang'onopang'ono bwanji kuti athe. Ndikuiona. Koma ndi ntchito ya miyezi, ndipo nthawi yanga ya kafukufuku yatha. Malamulo amati amawonjezera nthawi pokhapokha ngati vuto lachokera ku supervision, kwa woyang'anira wophunzira."

Sanapemphe kanthu. Anangoika mawuwo pansi kuti mwini awatole.

"Oyesa amawerenga mutu woyamba ndi womaliza," anatero a Kondowe. "Pakati amangowerenga masamba kuti akwana. Usadzipatse matenda. Ukayankhe zimene wafunsidwa basi."

"Nanga akafunsa?"

"Za tsiku limene ukunenalo, ine sindikumbuka bwino, mwana wane. Mutu wakalamba. Tinkakamba zambiri pa bolodi ija." Anatola chinangwa, nachibwezeranso m'mbale. "Amama ako m'nyumbamu mankhwala awo timatengera ku chipatala cha ogwira ntchito. Sindikudziwa kuti chaka chamawa tidzatani."

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mwawi anabwera ndi moto wake, nabwerera nawo ukuyakabe, pamodzi ndi phava la nthochi limene mayi aja anamukakamiza kuti atengere mwana. Panjira analira pang'ono kumbuyo kwa wakabaza, osati chifukwa cha mkwiyo, koma chisoni poona mkulu amene ankamuopa moyo wake wonse akuchita mantha ndi iye.

Kunyumba ku Zolozolo Davie anamvetsera nkhani yonse ataimirira, yunifolomu ya ku famase asanavule. Za maintigiro sankazidziwa, koma za anthu ankazidziwa.

"Ndiye ukanene," anatero. "Iwo ndi amene anafufuta, ukanene kuti ndi iwo. Kodi walumbira kuti udzawafera?"

"Ndinene pamaso pa alendo? Iwo atakhala pomwepo?"

"Nanga ukufuna ukanenere kuti, kubafa? Mwawi, zaka zinayi! Mwana wathu Glory wakula osakudziwa Loweruka. Iwowo moyo wawo adya kale."

"Dzina lili pachikuto ndi langa. Chulucho ndimaphunzitsa ndine. Ndinayenera kuona."

"Enya, unayenera kuona. Iwonso anayenera kuona. Bwanji ugwe wekha?"

Mwawi anayang'ana diresi yabuluu imene mayi ake anasoketsa ku Chiputula kuti adzavale Lachinayi, itapachikidwa pa chitseko m'pulasitiki. A Fyness anali atauza kale amayi onse a Umanyano kuti asale kudya m'mawa wa tsikulo.

Lachitatu anaganiza zolembera wapampando wa oyesa kuti aimitse zonse. Anayamba, nafufuta, nayambanso. Kuimitsa kunalibe phindu, poti nthawi inali yomweyo imene yatha. Tsono anagwira kachingwe kamene a Kondowe anamuponyera, koti mwina oyesa sawerenga pakati. Anachita nako manyazi, koma anakagwirabe.

Lachinayi kunacha ndi nkhungu. M'chipinda cha misonkhano munali tebulo lalitali, mabotolo a madzi, ndi bolodi yoyera imene zolembera zake zinali zouma kupatula chofiira. Wapampando anali mkulu wa ku dipatimenti ya sayansi ya zomera, munthu wokoma mtima amene maso ake ankapita ku wotchi pafupipafupi. Woyesa wa mkati anali katswiri wa chiwerengero. Woyesa wochokera kunja anali Pulofesa Marjorie Nankwenya, mayi wamfupi wa kummwera, amene anafika ndi basi ya dzulo lake atavala majuzi awiri, akudandaula kuti ku Mzuzu anthu amakhala m'firiji. A Kondowe anakhala pakona, pafupi ndi zenera. Mwambo wake ndi woti woyang'anira wophunzira amaonerera chabe, salankhula pokhapokha atapemphedwa.

Mwawi anafotokoza ntchito yake bwino lomwe, mawu akutuluka okha. Wa chiwerengero anafunsa za magirafu, nadandaula za mndandanda wa mabuku, nakhutira. Wapampando anafunsa ngati bango la ku Lunyangwa lingagwiredi ntchito imeneyi. Mtima wa Mwawi unayamba kutsika pang'ono, ndipo anadzida poumva ukutsika.

Pulofesa Nankwenya anatsegula buku lawo pakati. Masamba a mutu wachinayi anali odzaza ndi pensulo.

"Mayi Thindwa, ndasangalala ndi kalembedwe kanu," anatero m'Chichewa chawo chosasakaniza. "Mutu wachitatu ndi wokongola, sindikukunamizani. Tsopano tengani cholembera icho. Apa mwalowetsa limiti m'kati mwa intigiro. Tandijambulireni denga lanu."

Mwawi anaimirira. Anajambula mzere ndi muvi. Dzanja linakwera kuti lijambule denga lathyathyathya, koma linakana. Linatsika, n'kujambula kabokosi, kenaka kena kutsogolo kwake, kenaka kena.

"Denga palibe, Pulofesa," anatero. "Ndipo silingapezeke. Kuyamwa kukachepa msanga, gawo la mankhwala limathawira kumunsi. Theorem four point two is false."

Wapampando analeka kuyang'ana wotchi. Pulofesa anavula magalasi, namuyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwawo munalibe chisangalalo cha mlenje. Munali kutopa.

"Mwadziwa liti?"

"Lolemba."

"Ine ndinadziwira m'basi, tikudutsa ku Jenda. Ndinapemphera kuti ndikhale ndalakwitsa." Anatsegula masamba ena. "Pali chimene chikundidabwitsa. Umboni uwu unalembedwa ndi munthu wodziwa. Ukanakhala wolondola mzere uliwonse mtsinje ukanakhala ndi pothera. Zikuoneka ngati nyumba inamangidwa bwinobwino, wina n'kubwera kudzagumula khoma limodzi. A wapampando, malamulo anu amati chiyani?"

Wapampando anakonza kukhosi, nafotokoza zimene Mwawi ankazidziwa kale. Mfundo yaikulu ya buku ikagwa, bukulo silingadutse. Nthawi ya wophunzirayu inatha. Komiti ikhoza kumupatsa chaka china ndi womuyang'anira wina ngati oyesa alemba kuti cholakwacho chinachokera ku uphungu umene analandira. Kupanda apo, nkhani yathera pompa.

"Mwamva, mayi," anatero Pulofesa. "Ndikufunsani kamodzi, ndipo ganizani musanayankhe. Maganizo otalikitsa mtsinjewu mpaka kosatha, osasintha umboni, anachokera kwa ndani?"

Mwawi sanafune kuyang'ana pakona, koma maso anapita okha. A Kondowe anali atagwira chipewa chawo pamaondo ndi manja onse awiri, akuyang'ana pansi. Tayi yawo inali ija anavala pa maliro a bambo ake. Mwina inali yokhayo yabwino imene anali nayo. Anaona mmene mawu ake akanayendera: kuchoka m'chipindamo kupita mu lipoti, kuchoka mu lipoti kupita ku komiti, kenaka ku Chiputula, kumene amayi osala kudya aja akanamva kuti mwana wa a Fyness wavula mkulu wa mpingo pagulu kuti apeze pepala. Anaonanso Davie, ndi Glory, ndi kalasi ya Fomu 2 ya ana osawerengeka imene inkamudikira kwinakwake, ngati nayonso ikanamulandira. Zonse ziwiri zinali zoona, ndipo anadikira kamphindi kuti mwina pakona patuluka mawu omuchotsera katunduyo.

Pakona panali zii.

"Anali anga," anatero Mwawi. "Ndinasintha ndekha."

Pulofesa sanamukhulupirire, ndipo sanabise. Anatembenuka ndi mpando womwe.

"A Kondowe, ndikukupemphani kuti mulankhule. Muli ndi mawu?"

Mkuluyo anadzutsa mutu. Mwawi anaona ndi maso ake kuti mawu oona anafika mpaka pamano.

"Ndi mwana wakhama chomene," anatero a Kondowe. "Tonse timaphonya. Ndilibe chowonjezera."

Anamutulutsa kuti oyesa akambirane. Sanachedwe. Atamuitananso, wapampando anawerenga chigamulo mwachifundo, akupepesa pakati pa ziganizo, ngati kuti kupepesako kukanasintha kanthu. Pulofesa anasaina pomaliza. Potuluka anamugwira Mwawi pamkono, nanena motsitsa kuti funso loti kuyamwa kuchepe mofulumira bwanji kuti mankhwala apulumuke ndi labwino, wina adzalichita. Sananene kuti winayo adzakhala Mwawi, poti onse awiri ankadziwa mmene munthu amathera akachoka pa yunivesite ndi chizindikiro chotere.

Mwawi anaima pakhonde la dipatimenti, buku lili kukhwapa, diresi yabuluu ikumuzizira m'miyendo. Mumtima munalibe mkwiyo kapena kunyada koti wachita zaulemu. Munali chisoni chokhachokha, cholemera, ndi kudziwa kuti akanati afunsidwenso akanayankha chimodzimodzi.

Anamva ndodo ikugogoda simenti kumbuyo kwake. A Kondowe anafika pambali pake, naima, osamuyang'ana. Onse awiri anayang'ana nkhungu pa bwalo la mpira.

"Yewo, mwana wane," anathokoza mkuluyo. "Yewo chomene."

Ndipo Mwawi, poti analeredwa bwino, anapinda maondo pang'ono.

"Yewo, adada," anayankha. "Muyende makola, masitepewa ndi oterera."